Solver yapereka yankho: nanga malipoti ake akutanthauzanji?

Tiyerekeze kuti muli ndi chimanga cholemera matani 200 choti chisamutsidwe tsiku limodzi, galimoto iliyonse ulendo umodzi. Lole yaikulu imanyamula matani 30 pa mtengo wa K900,000, pomwe yaing'ono imanyamula matani 10 pa K400,000. Zazikulu zilipo 5, zazing'ono 8, ndipo madalaivala ndi 12. Mukalemba zonsezi mu Excel n'kuuza Solver kuti ichepetse ndalama zowononga, imayankha kuti mutumize zazikulu 5 ndi zazing'ono 5, pa mtengo wa K6,500,000.

Musafulumire kutseka. Pa kabokosi ka Solver Results sankhani Answer ndi Limits, ndipo lipoti lililonse lidzabwera pa tsamba lakelake.

Mu lipoti la Answer, maso anu athamangire m'munsi, pa gawo la Constraints, pomwe pali malire onse amene munaika. Mawu oti Binding akutanthauza kuti malirewo afikidwa ndendende, ndipo Slack akusonyeza zotsala. Malole aakulu ali pa Binding, popanda yotsala, chifukwa tani imodzi imadya K30,000 pa lole yaikulu koma K40,000 pa yaing'ono. Ndiye Solver yayamba yamaliza zazikulu zonse isanakhudze zazing'ono. Malole aang'ono ali pa Not Binding, atsala 3, ndipo madalaivala atsala 2. Choncho kulemba dalaivala wina sikungachepetse mtengo ngakhale ndi tambala. Chomwe chikukupanikizani ndi kuchepa kwa malole aakulu.

Lipoti la Limits limayankha funso lina: mtundu umodzi wa malole ungasinthe mpaka pati, winawo utakhala momwe uliri? Pa zazikulu, Lower Limit ndi Upper Limit zonse ndi 5. Imodzi ikangowonongeka, zazing'ono 5 zija sizingakwanitse katundu yense. Pa zazing'ono malire ndi 5 mpaka 7, osati 8 ayi, chifukwa madalaivala otsalira zazing'ono ndi 7 okha. Pambali pake, Objective Result ikuonetsa kuti kutumiza 7 kungakweze mtengo kufika pa K7,300,000.

Ambiri amaphonya pamenepa poganiza kuti lipotili likuonetsa njira zonse zotheka. Silitero, chifukwa silisintha mitundu iwiriyo nthawi imodzi. Kutumiza zazikulu 4 ndi zazing'ono 8 n'kotheka, pa K6,800,000, koma njirayi simudzaipeza m'lipotimo. Muyenera kusintha malire a zazikulu kukhala 4 n'kuyendetsanso Solver.

Dziwaninso kuti mukaika lamulo la int, loti malole asakhale oduka pakati, Excel sipereka lipoti la Limits. Mukalichotsa, onetsetsani Final Value. Katundu atakhala matani 205, yankho lingakhale zazing'ono 5.5, ndipo mukadula theka lija, matani 5 atsala m'nkhokwe. Zikatero bwezerani int, ndipo Solver idzakuuzani kuti zazing'ono zikhale 6, pa mtengo wa K6,900,000.