Mpata wosaoneka womwe umasiyanitsa waya, pulasitiki ndi sola

Mukasenda chingwe cha magetsi ndi mpeni mumapeza zinthu ziwiri zogundana, waya wofiirira wa kopa mkati ndi pulasitiki kunja. Waya uja mukaukhudza magetsi ali oyaka mukhoza kufera pomwepo, pamene pulasitiki mumaigwira tsiku lonse popanda vuto. Ambiri amati n'chifukwa choti mu kopa muli maelekitironi ndipo mu pulasitiki mulibe, koma si choncho. Maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi tija, ali mbwee mu zonse ziwiri. Nkhani yagona pa malo. Kodi maelekitironiwo ali ndi kosunthira?

Mu atomu imodzi yomwe ili payokha, elekitironi sikhala ndi mphamvu iliyonse yomwe yafuna. Ili ngati munthu pa makwerero, amene amaponda sitepe iyi kapena iyo koma sangaime m'malere pakati pa masitepe. Komanso pali lamulo lomwe Wolfgang Pauli anatulukira mu 1925, loti sitepe imodzi imalandira maelekitironi awiri okha. Wachitatu akasake malo ena pamwamba.

Maatomu akathithikana kupanga chinthu cholimba, masitepe aja amasintha. Maatomu awiri akayandikana, sitepe iliyonse imagawika pawiri. Akakhala miyandamiyanda, monga momwe alili m'kachidutswa ka waya, sitepe imodzi imagawika kukhala masitepe miyandamiyanda oyandikana kwambiri moti amaoneka ngati lamba mmodzi wotambalala. Ameneyu ndiye lamba wa mphamvu. Pakati pa lamba wina ndi mnzake pamatha kutsala mpata womwe elekitironi siingakhalemo n'komwe. Masamu ofotokoza zimenezi anawayala Felix Bloch mu 1928, ndipo mu 1931 Alan Wilson, wa ku Cambridge, anawagwiritsa ntchito kusonyeza chomwe chimasiyanitsa zitsulo ndi zinthu zosadutsa magetsi.

Aliyense amene anasenzapo madzi m'chigubu chotseka akudziwa kuti chikadzaza mpaka kukamwa madzi amangoti zii, ngakhale muthamange nacho. Chikakhala theka, madzi amagunda uku ndi uku pa sitepe iliyonse. Lamba wa mphamvu ali chimodzimodzi. Kuti magetsi ayende, elekitironi iyenera kulandira kamphamvu pang'ono kuchokera ku batire n'kukwera pa sitepe yopanda kanthu yomwe ili pafupi. Lamba akadzaza, sitepe yotere palibe, ndipo maelekitironi onse aja, ngakhale achuluke chotani, sanganyamule magetsi.

Kopa ndi chigubu cha theka. Atomu iliyonse ya kopa imapereka elekitironi imodzi ku lamba wapamwamba, yemwe ali ndi malo a maelekitironi awiri pa atomu. Theka la malo lili pululu, choncho batire ya tochi ya mavoti 1.5 ndi yokwanira kuwayendetsa. Zitsulo zina, monga magineziyamu, zimapereka awiri pa atomu, koma malamba ake awiri amalowana osasiya mpata, ndiye malo osunthira amapezekabe.

Tsopano tiyike pambali dayamondi ndi silikoni, chifukwa awiriwa ndi pachibale. Maatomu awo amayalana mofanana ndendende, atomu iliyonse kugwirana ndi anzake anayi pogwiritsa ntchito maelekitironi anayi akunja. Mwa onse awiri, malamba am'munsi ndi odzaza ndipo lamba wapamwamba alibe kanthu. Chosiyana ndi kukula kwa mpata basi. Mpatawu amauyeza ndi muyeso wotchedwa elekitironivoti, womwe amaulemba eV. Wa dayamondi ndi pafupifupi 5.5 eV, pamene wa silikoni ndi 1.1 eV.

Chomwe chingatumphitse elekitironi pa mpata ndi kutentha, chifukwa maatomu amanjenjemera nthawi zonse n'kumakankha maelekitironi. M'chipinda chofunda bwino, kukankha kumeneku kumakhala pafupifupi 0.025 eV. Mpata wa silikoni ndi waukulu kuwirikiza ka 44, ndiye si kawirikawiri kuti elekitironi iwoloke, koma mwa apo ndi apo ina imakankhidwa mwamphamvu n'kufika kutsidya. Mu kachidutswa ka silikoni weniweni kotalika sentimita imodzi mbali zonse, maelekitironi owoloka amakhala pafupifupi 10 biliyoni. Zikumveka zochuluka, koma ndi elekitironi imodzi yokha pa maatomu 5 tiriliyoni. Mu dayamondi mpata ndi waukulu kuwirikiza ka 220, ndipo tingangoti palibe imene imawoloka. N'chifukwa chake dayamondi ili m'gulu la zotchinga magetsi limodzi ndi galasi ndi pulasitiki, pamene silikoni ali pakatikati, m'gulu lomwe amalitcha semikondakita.

Maso athu amatha kuchitira umboni. Kuwala komwe timaona kumabwera m'timagawo ta mphamvu yoyambira pafupifupi 1.7 eV, komwe ndi kofiira, mpaka 3.1 eV. Mphamvu imeneyi siikwanira kuwolotsa elekitironi ya dayamondi, choncho kuwala kumangodutsa ndipo mwalawo umaoneka mbee. Silikoni amakumeza konse, kagawo kalikonse n'kuponya elekitironi kutsidya. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe sola ya padenga imaonekera yakuda.

Elekitironi ikawoloka imasiya dzenje mu lamba wam'munsi, ndipo dzenjelo nalo limayenda, monga mpweya woyandama m'chigubu chomwe chatsala pang'ono kudzaza. Opanga zipangizo sadikira kuti kutentha kuwachitire zonsezi. Amathira dala maatomu achilendo mu silikoni. Fosiforasi ali ndi maelekitironi asanu akunja. Anayi amagwirana ndi silikoni, wachisanu n'kutsala wopanda chogwira, pansi pang'ono pa lamba wapamwamba, moti kamphamvu ka 0.045 eV kokha kamamukweza. Mukathira atomu imodzi ya fosiforasi pa maatomu 1 miliyoni a silikoni, maelekitironi oyenda amachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 5 miliyoni. Boroni, yemwe ali ndi atatu, amachulukitsa maenje. Pamene mbali ya fosiforasi yakumana ndi mbali ya boroni, magetsi amadutsa cholowera kumodzi, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona sola, dayodi ndi tiranzisita ya mu foni.

Njira yosavuta yosiyanitsira magulu awa ndi kuwatenthetsa. Chitsulo chikatentha chimayamba kuuma mtima podutsitsa magetsi, chifukwa maatomu onjenjemera amapinga maelekitironi panjira ndipo palibe atsopano omwe akuwonjezeka. Kwa kopa, kukana magetsi kumakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Silikoni weniweni amachita zosiyana, akatentha amadutsitsa magetsi kwambiri popeza owoloka achuluka.

Kuwoloka kosalamulirika kumeneku ndi komwe kumawononga zipangizo. Tiranzisita yoyamba ya 1947 inali ya jemeniyamu, yemwe mpata wake ndi 0.67 eV basi, ndipo zipangizo zake zinkayamba kudontha magetsi zikangotentha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe silikoni anamulandira malo. Komabe naye ali ndi malire. Mphamvu yolembedwa kumbuyo kwa sola amaiyeza pa madigiri 25, ndipo masola ambiri a silikoni amataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yoposa apo. Sola ya mawati 100 yomwe yagonekedwa pa malata mu Okutobala n'kufika madigiri 65 yadutsa ndi madigiri 40, ndiye imataya mawati 16 dzuwa likuswa mtengo. Mukaiyeza ndi mita masana mudzaona mavoti atsika kusiyana ndi m'mawa kukuzizira. Poiyika padenga, ikwezeni pa zitsulo kuti mphepo izidutsa pansi pake.