Nsima ya Mlonda Wausiku Idyedwe Nthawi Yanji?

Mlonda amene amalowa ntchito 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa amakhala moyo wosemphana ndi wa anthu ena onse. Anzake akamavula nsapato kuti agone, iye amakhala akumanga zingwe za jombo. Ngati pamwamba pa izi amanyamulanso zitsulo kapena kuthamanga asanapite kuntchito, monga achitira anyamata ambiri aulonda masiku ano, nkhani ya chakudya imakula. Ambiri amafunsa kuti adye chiyani, koma chimene chimawapweteka kwenikweni ndi nthawi imene amadyera.

Chizolowezi cha ambiri n'chakuti amanyamula nsima mitanda itatu m'kontena n'kukaidya cha m'ma 1 koloko usiku, pamene kwazii ndipo bwana wagona. Pakangotha ola limodzi maso amalemera, m'mimba mumadzadza, ena amamva kutentha pamtima. Chifukwa chake n'chakuti thupi lili ndi nthawi zake zimene silisintha msanga, ngakhale munthu atagwira ntchito yausiku kwa zaka zambiri. Usiku m'mimba mumagaya chakudya pang'onopang'ono, ndipo thupi limachedwa kuchotsa shuga m'magazi. Nsima imene masana ikanapita bwinobwino, pakati pa usiku imasiya shuga wokwera kwa nthawi yaitali. N'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu ogwira ntchito usiku amakhalira pachiopsezo chachikulu cha kunenepa ndi matenda a shuga. Ndipotu tulo timabwera nthawi yoipa, chifukwa kuyambira 3 mpaka 5 koloko m'bandakucha thupi limakhala litafooka kale palokha, pamenenso mlonda afunika kukhala tcheru.

Tiyeni titenge mnyamata wolemera makilogalamu 70 amene amafika kunyumba 7 koloko m'mawa, kugona mpaka 1:30 masana, n'kuchita masewera olimbitsa thupi kuyambira 3 mpaka 4 koloko. Akadzuka, choyamba ndi madzi, makapu awiri, chifukwa wagona dzuwa likuswa mtengo ndipo watuluka thukuta, makamaka mu Okutobala pansi pa denga la malata. Cha m'ma 2 koloko adye chopepuka chopatsa mphamvu: mbatata yophika kapena nthochi ziwiri, ndi kapu ya tiyi. Asadye zamafuta ambiri kapena nyemba panthawiyi, chifukwa zimakhalitsa m'mimba ndipo adzazimva akamathamanga.

Chakudya chachikulu cha tsikulo chibwere akangomaliza masewera, asananyamuke. Apa m'pamene nsima ija iyenera kukhala. Minofu imakhala itagwiritsa ntchito mphamvu imene inasunga, ndiye imalandira msanga chimene wadya, komanso kukadali masana pamene m'mimba mumagwira ntchito bwino. Nsima ya mgaiwa ndiyabwino kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga amachititsa kuti ikhalitse m'mimba, njala isabwerere msanga. Pambali pake pakhale ndiwo zomanga thupi zooneka ndi maso, osati msuzi wokhawokha, ndi masamba monga bonongwe, chisoso kapena nkhwani wotendera. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyi m'nyumba zambiri moto umakhala usanakolezedwe, chifukwa nsima yamasana inadyedwa iye ali m'tulo ndipo yamadzulo idzaphikidwa atapita. N'zofunika kukambirana ndi apabanja kuti ndiwo zake zizisungidwa, n'kungotenthetsa bwino.

Pa zakudya zomanga thupi m'pamene anyamata a zitsulo amataya ndalama. Munthu wonyamula zitsulo amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kwa mnyamata wathu uja ndi magalamu pafupifupi 110. Dzira limodzi limapereka magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko magalamu 8, kapu ya nyemba zophika magalamu pafupifupi 15. Soya pisi wouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo usipa wouma nawonso uli pomwepo kapena kuposerapo. Ndiye magalamu 100 a soya pisi pa nsima yamadzulo amupatsa kale pafupifupi 50. Mazira awiri usiku awonjezera 12, mtedza wodzadza manja awiri wina 15, kapu ya mkaka ndi nsinjiro za m'phala lam'mawa enanso 15. Otsalawo amachokera ku nsima yomwe, mbatata ndi masamba. Malipiro a mlonda tikuwadziwa tonse. Palibe chifukwa chogulira ufa wodula wa m'zitini pamene usipa wa pamsika ukugwira ntchito yomweyo.

Usiku adye, koma pang'ono. Cha m'ma 11 kapena 12 koloko, mazira awiri owiritsa ndi mbatata imodzi kapena magawo awiri a buledi n'zokwanira. Njala ikadzamupeza cha m'ma 3 koloko, mtedza wokazinga ndi madzi zimuchirikiza, kenaka adzuke azungulire mpanda. Mandasi ndi zakumwa zotsekemera zimapatsa mphamvu yakanthawi, ndipo ikatha tulo timabwera mwamphamvu kuposa poyamba. Zouma zotere zili ndi ubwino winanso: siziwonongeka. Mpunga kapena nyemba zophikidwa masana n'kutsekeredwa m'kontena mpaka pakati pa usiku, nyengo yotentha, zikhoza kumutsegula m'mimba ngakhale zisakununkha, ndipo kanyumba ka mlonda sikakhala ndi firiji.

Tiyi ndi khofi zimafuna kuwerengera maola. Kafeini, chinthu chimene chimathamangitsa tulo m'zakumwazi, amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'magazi. Mlonda akamwa khofi wamphamvu 4 koloko m'bandakucha, pofika 9 koloko m'mawa theka likadali m'thupi, ndipo amangotembenuka pamphasa kapena kugona tulo tam'mwamba. Kapu yomaliza ikhale isanakwane 2 koloko usiku. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene fulasiki ndiye mnzake wapamtima, m'bandakucha amwe madzi otentha a mandimu kapena a jinja. Asamalenso shuga: masupuni atatu pa kapu, makapu anayi pa usiku, ndi masupuni 12 amene walowetsa m'thupi pa nthawi imene thupilo silitha kuwasamala bwino. Zakumwa zam'zitini zopatsa mphamvu zimaphatikiza mavuto onse awiri, kafeini ndi shuga.

M'mawa akafika kunyumba asagone ndi njala, chifukwa imudzutsa nthawi isanakwane. Asadyenso nsima yotsala ndi chipisi chamafuta, chifukwa akagona chakudyacho chimabwerera kukhosi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi mkaka pang'ono ndilo loyenera. Madzi ambiri amwe chigawo choyamba cha usiku, n'kuchepetsa kukamacha kuti asadzukedzuke kukataya madzi. Mowa wam'mawa, umene ena amati umawagoneka, umagonekadi msanga koma umadula tulo pakati.

Zizindikiro zakuti dongosolo lalakwika sizibisika. Mkodzo wachikasu kwambiri podzuka ndiye kuti madzi achepa. Chizungulire kapena kunjenjemera pochita masewera nthawi zambiri kumasonyeza kuti chakudya cha 2 koloko chija chinachepa. Zitsulo zimene sabata yatha zinkanyamulika zikayamba kukanika, ayambe wawerenga maola a tulo asanaganize zowonjezera ndiwo. Tsiku limene wagona maola osakwana 5, ndi bwino achepetse masewera kapena apume. Koma ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda popanda chifukwa si za ntchito yausiku ayi, zimenezo apite nazo kuchipatala akayezetse shuga. Amene ali kale pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi awauze adokotala kuti amagwira ntchito usiku, kuti nthawi yomwera mankhwala igwirizane ndi nthawi imene amadya.