Chifu Chikatsala Ngati Dzira

Mu Malichi 2005, Diego Maradona analowa m'chipatala china mumzinda wa Cartagena ku Colombia akulemera makilogalamu pafupifupi 120. Kwa munthu wamfupi ngati iye, wa mita imodzi ndi masentimita 65, umenewo unali mtolo woposa mtima wake, ndipo mtimawo unali utamugoneka kale m'chipatala chaka cham'mbuyo. Pofika mu Ogasiti chaka chomwecho anatulukira pa wailesi ya kanema kwawo ku Argentina akutsogolera pulogalamu yake, atatsika thupi moti ena anachita kuyang'ana kawiri. Anali atachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi.

Anthu akamva za opaleshoni imeneyi amaganiza kuti dokotala amang'amba pamimba n'kukolopa mafuta. Ayi ndithu. Mafuta sawakhudza n'komwe. Chimene amasintha ndi njira imene chakudya chimayenda m'mimba, ndipo kusinthako kumasiya ngongole imene munthu amalipira ndi mapiritsi mpaka tsiku lake lomaliza.

Kuti ngongoleyo imveke, tiyeni titsatire nthuli imodzi ya nyama. Ikamezedwa imagwera m'chifu, thumba lotamuka lomwe pa chakudya chimodzi limalandira lita imodzi kapena kuposerapo. Mmenemo asidi amaifewetsa n'kumasula ayironi ndi vitamini B12 amene anamatirira ku nyamayo. Kenako phalalo limalowa m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, chotalika masentimita 25 okha, momwe limakumana ndi ndulu komanso madzi ochokera m'kapamba. Chigawo chachifupichi n'chimene chimayamwa ayironi ndi kashiamu wochuluka. Zotsalazo zimapitiriza ulendo m'matumbo otalika mamita pafupifupi sikisi, zikuyamwidwa pang'onopang'ono. Opaleshoni iliyonse yochepetsa thupi imasokoneza malo amodzi kapena angapo pa ulendo umenewu.

Yosavuta kuimvetsa ndi ya bandi. Dokotala amamanga lamba wa silikoni kumtunda kwa chifu, ngati mmene munthu amamangira thumba la ufa pakhosi, kuti chakudya chizitsika modontha. Lambayo amamukhwimitsa kapena kumumasula pobaya madzi amchere m'kabatani kobisika pansi pa khungu. Palibe chodulidwa, ndipo chakudya chimayendabe njira yake yakale. Inatchuka kwambiri zaka za m'ma 2000, koma lero madokotala ambiri anaisiya: lamba amaterereka, nthawi zina amadya khoma la chifu, ndipo anthu ambiri amabwereranso kukamuchotsetsa. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden amene anayamba mu 1987 anapeza kuti patatha zaka 10, a bandi anali atataya 14 peresenti ya kulemera kwawo, pomwe a baipasi anali atataya 25.

Imene ikuchitika kwambiri padziko masiku ano ndi ya silivu. Apa dokotala amadula n'kutulutsiratu magawo pafupifupi anayi mwa asanu a chifu, n'kusiya kachubu kooneka ngati nthochi, kolandira mamililita 100 mpaka 150, kosadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe. Gawo lotayidwalo ndi limenenso limapanga gerelini wambiri, homoni youza ubongo kuti njala yafika. N'chifukwa chake ambiri amadabwa miyezi yoyamba kuona nthawi ya nkhomaliro ikudutsa m'mimba muli zii. Matumbo sakhudzidwa. Koma chifu chimene chapita chapita, sichisokedwanso, ndipo ena amayamba kuvutika ndi chilungulira chosatha.

Ya Maradona inali baipasi, imene gwero lake ndi ntchito ya dokotala Edward Mason wa pa yunivesite ya Iowa ku America mu 1966. Mason anaona kuti odwala zilonda za m'mimba amene anadulidwa chifu sankanenepanso, ndiye anaganiza zosandutsa vutolo kukhala mankhwala. Mmene ikuchitikira lero, dokotala amapatula kathumba ka mamililita pafupifupi 30 kumtunda kwa chifu, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Kenako amadula matumbo aang'ono chapatsogolo, n'kukokera mbali yakumunsi m'mwamba kuti ailumikize ku kathumbako. Chifu chachikulu chimatsala momwemo, chamoyo, koma chakudya sichidutsamonso. Madzi ake, pamodzi ndi ndulu, amakakumana ndi chakudyacho kumunsi, patadutsa mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Malumikizidwe ake amaoneka ngati chilembo cha Y, ndipo amatchedwa ndi dzina la César Roux, dokotala wa ku Switzerland amene anawayambitsa kalekale pochiza matenda ena.

Chodabwitsa cha baipasi n'chakuti odwala shuga ambiri amaona shugayo akutsika m'masiku ochepa, thupi lisanatsike n'komwe, chifukwa chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo chimadzutsa mahomoni othandiza insulini. Liwiro lomwelo lili ndi chilango chake. Munthu akamwa chakumwa chotsekemera kapena kudya keke, shugayo amakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi, ndipo pasanathe mphindi 30 thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, chizungulire, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Ambiri amaphunzira phunziroli kamodzi kokha.

Palinso ina yamphamvu kuposa zonsezi, yochokera ku njira imene Nicola Scopinaro wa ku Genoa ku Italy anailengeza mu 1979. Imachepetsa chifu n'kulambalalanso gawo lalikulu la matumbo, moti chakudya ndi ndulu zimangoyendera limodzi mita imodzi yomaliza kapena kucheperapo. Mafuta ambiri amatuluka osagayidwa, ndipo amapita ndi mavitamini A, D, E ndi K omwe amasungunuka m'mafutamo. Imatsitsa thupi kwambiri, koma imachitika mwa apo ndi apo chifukwa ngongole yake ndi yaikulu.

Tsopano tiyerekeze mayi wa zaka 38, wa mita imodzi ndi masentimita 60, wolemera makilogalamu 115. Madokotala amatenga kulemerako n'kukugawa ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo: 115 kugawa ndi 2.56, yankho n'kukhala pafupifupi 45. Malangizo a mu 2022 a mabungwe a madokotala a ntchitoyi amati opaleshoni iganiziridwe kuyambira pa 35, kapena pa 30 ngati munthu ali ndi matenda monga shuga. Mayiyu wachitidwa baipasi. Chaka chikutha watsika kufika pa makilogalamu 80, mawondo asiya kuwawa, zovala zonse zapita kwa telala. Akumva bwino kuposa kale lonse, ndipo botolo la mavitamini layamba kuiwalika m'kabati. Munthu wamoyo chonchi amwerenji mankhwala?

Chaka chachiwiri chikudutsa popanda chovuta. Chachitatu, ayamba kutopa akangokwera masitepe ochepa. Zala za kumiyendo zikuchita dzanzi ngati wakhalira mwendo, lilime lasalala ndipo likuwawa akadya zatsabola, usiku akuyenda modzandira. Akungoti ndi ntchito yachuluka.

Si ntchito. Ndi vitamini B12. Vitamini ameneyu amafuna zinthu ziwiri kuti alowe m'magazi: asidi woti am'masule ku nyama, mazira kapena mkaka, ndi puloteni ina yopangidwa m'khoma la chifu imene imam'gwira dzanja n'kumuperekeza mpaka kumapeto kwa matumbo aang'ono, komwe kuli khomo lake lolowera. Kathumba ka mayiyu sikapanga asidi wokwanira ngakhale mperekezi wokwanira. Angadye chiwindi cha ng'ombe tsiku lililonse, zambiri zingodutsa. Chimene chinam'pusitsa ndi chiwindi chake chomwe, chomwe chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo. Nthawi yonse imene ankati ali bwino ankadya za m'nkhokwe, ndipo nkhokwe imeneyi siichenjeza ikamatha. Kuchepa kwa magazi kumachira akalandira mankhwala, koma mitsempha ya mumsana ikawonongeka kwa nthawi yaitali siibwerera yonse. Choipa china, munthu amene akumwa foliki asidi yekha magazi ake amatha kuoneka abwinobwino pa zoyeza zachizolowezi mitsempha ikuwonongekabe, choncho B12 amafunika kumuyeza payekha.

Njira yolambalala vutoli ilipo. Thupi limangofuna mamaikulogalamu 2.4 patsiku, koma piritsi la anthu otere limakhala ndi 350 mpaka 1,000, chifukwa gawo limodzi mwa 100 limatha kulowa lokha popanda mperekezi. Ku Britain chizolowezi ndi jakisoni wa miligalamu imodzi miyezi itatu iliyonse. A silivu nawonso sapulumuka, popeza khoma lopanga asidi ndi mperekezi uja n'limene linatayidwa.

Ayironi ndi kashiamu vuto lawo ndi la malo: khomo lawo lalikulu lili pa masentimita 25 aja, amene baipasi yawalambalala. Mayi amene akusambabe amataya ayironi mwezi ndi mwezi, motero amafunika mamiligalamu 45 mpaka 60 patsiku. Kashiamu amafunika mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500, wa mtundu wa sitireti chifukwa umenewu sudalira asidi kuti usungunuke, ndipo amayenda ndi vitamini D. Akasowa, thupi silidandaula. Limangokatapa m'mafupa mwakachetechete, mpaka tsiku limene munthu aterereka pakhonde n'kuthyoka dzanja. Awiriwa amalimbirana khomo, ndiye samwera limodzi. Pazidutsa maola awiri. Tiyi nayenso amatsekereza ayironi, choncho piritsi la ayironi si lotsitsira ndi tiyi wa m'mawa.

Koma pali mmodzi amene sadikira zaka. Vitamini B1 thupi limangomusunga wa milungu iwiri kapena itatu. Munthu amene akusanza mosalekeza miyezi yoyamba, kaya anachitidwa silivu, baipasi kapena bandi imene, angathe kuyamba kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kupepesuka poyenda. Amenewo ndi matenda a Wernicke, ndipo ndi othamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Amafunika B1 wa m'mitsempha asanapatsidwe diripi ya shuga, chifukwa shuga amamaliza ka B1 kotsalako n'kukulitsa vutolo.

Amayi ofuna kubereka amauzidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18, thupi liyambe lakhazikika, pakuti mwana wa m'mimba amadya kuchokera m'nkhokwe zomwezo.

Opaleshoni zimenezi n'zothandizadi. Pafupifupi zonse masiku ano zimachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndipo kafukufuku wa ku Sweden uja anapeza kuti ochitidwa opaleshoni amamwalira mocheperapo poyerekeza ndi anzawo onenepa chimodzimodzi amene sanachitidwe. Vuto limakula kwa amene amakwera ndege kukachitidwa kudziko lina n'kubwera kwawo ndi mapiritsi a mwezi umodzi, dokotala amene anawachita atatsala kutsidya la nyanja. Amene akuganiza za ulendo wotere afunse asanagule tikiti: dzina lenileni la opaleshoniyo ndi lotani, matumbo adzalambalalidwa masentimita angati, mavitaminiwo azikagula kuti, ndipo ndani aziyeza magazi ake pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako chaka ndi chaka. Mayankhowo awalembedwe papepala, ndipo pepalalo aziyenda nalo kulikonse kumene wapita kukaonana ndi dokotala.