Mutu wa Tsamba: Pamene Kasitomala Amayambira Kukusankhani pa Google

Mlimi wa ku Zomba amene watopa ndi kuthirira dimba ndi keni akafuna pampu ya sola, masiku ano amayamba watulutsa foni. Amalemba mawu atatu kapena anayi pa Google, kenako pamabwera mndandanda wa masamba. Pa tsamba lililonse amaona mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu, ndipo pansi pake pali mizere iwiri ya zilembo zing'onozing'ono. Asanaone zithunzi zanu, asanadziwe mitengo yanu, wasankha kale pomwe adine potengera mizere imeneyi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabizinesi ambiri amene analipira ndalama zawo kuti akonzeredwe webusaiti amaoneka pamndandandawu ndi mawu akuti "Home" kapena "Welcome" basi. Zili ngati shopu yodzaza ndi katundu koma chikwangwani chake changolembedwa kuti "Takulandirani", osanena chimene chikugulitsidwa m'katimo.

Mizere imeneyi siingobwera yokha. Imachokera pamalo atatu amene mwini webusaiti angathe kusintha: mutu wa tsamba, mawu ofotokozera tsambalo, ndi timitu ta m'kati mwake. Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti pali kampani yaing'ono ku Zomba imene imaika magetsi a sola m'nyumba, imagulitsa mapampu a madzi, komanso imakonza mainiveta ndi mabatire.

Mutu wa tsamba

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi mutu wobisika umene suoneka pakati pa nkhani. Umaoneka pakamzere ka pamwamba penipeni mukatsegula tsambalo pakompyuta, ndipo ndi umene Google kawirikawiri imatenga n'kuuika monga mzere waukulu uja. Umalembedwa pakati pa zizindikiro za `<title>`. Pa zinthu zitatu tikukambiranazi, mutu ndiwo uli ndi mphamvu kwambiri, chifukwa umathandiza Google kudziwa za tsambalo komanso umakopa munthu kuti adine.

Pakampani yathu ya ku Zomba, masamba onse asanu ali ndi mutu wofanana, womwe ndi dzina la kampani lokha. Vuto lake n'loti mlimi uja salidziwa dzinalo, choncho sangalilembe. Iye amalemba chimene akufuna ndi dera limene ali. Motero mutu wabwino umayamba ndi ntchito kapena katundu, kenako dera, ndipo dzina la bizinesi limabwera kumapeto. Tsamba la mapampu lingakhale ndi mutu uwu:

```html
<title>Mapampu a Sola ku Zomba | Dzina la Bizinesi</title>
```

Ndandanda imeneyi ili ndi chifukwa chake. Google ili ndi malo ochepa oonetsera mutu, ndipo ukatalika imaudula n'kuika timadontho titatu. Imayeza m'lifupi mwa mzere, osati kuwerenga zilembo chimodzichimodzi, komabe mutu wa zilembo zosapitirira 60, kuwerengera ndi mipata yomwe, nthawi zambiri umaoneka wonse. Mawu ofunika akakhala koyambirira, ngakhale mutu udulidwe chotayika ndi dzina la kampani, osati chimene kasitomala akufuna.

Tsamba lililonse likhale ndi mutu wakewake. La magetsi a m'nyumba linene za magetsi a m'nyumba, la mainiveta linene za kukonza mainiveta. Masamba awiri akakhala ndi mutu umodzi, Google imavutika kudziwa loti ionetse, ndipo nthawi zina imatumiza wofuna pampu patsamba la mabatire.

Nanga mutuwo ulembedwe m'chinenero chiti? Yankho lili ndi makasitomala anu. Anthu ambiri kuno kwathu amayankhula Chichewa koma akafika pa Google amalemba Chingerezi, monga `solar pump Zomba`. Ena amasakaniza. Funsani makasitomala angapo amene afika pashopu mawu amene akanalemba, ndipo yambani kulemba mawuwo pa Google kuti muone zimene ikukumalizirani. Mukasankha chinenero, mutu ndi nkhani ya m'tsambamo zikhale za chinenero chomwecho. Ngati mukufuna zinenero zonse ziwiri, konzani masamba awiri osiyana.

Mawu ofotokozera

Mizere iwiri ya pansi ija nthawi zambiri imachokera pa chizindikiro chotchedwa `meta description`. Apa pali chinthu chimene ambiri amasokoneza. Google inanena poyera mu 2009 kuti mawu amenewa siiwagwiritsa ntchito posankha tsamba loti likhale pamwamba. Inanenanso kuti siilabadira chizindikiro cha `meta keywords`, pomwe okonza mawebusaiti akale ankaunjika mawu ambirimbiri. Choncho wina akakulipiritsani kuti adzaze `meta keywords`, ndalamayo yapita pachabe.

Ntchito ya mawu ofotokozera ndi kuyankhula ndi munthu. Masamba awiri angakhale moyandikana pamndandanda, koma mlimi adina limene lamuyankha funso lake msanga. Taonani chitsanzo ichi:

```html
<meta name="description" content="Timagulitsa ndi kuika mapampu a sola a pamijigo ndi a ulimi wothirira ku Zomba, Machinga ndi Phalombe. Timayamba tayeza kuya kwa madzi.">
```

Mawuwa anena zimene kampani imachita, madera amene imafika, ndi chinthu chimodzi chimene chimaisiyanitsa ndi ena. Mulibe mawu odzitama monga akuti "akatswiri osayerekezeka", chifukwa aliyense angalembe zimenezo ndipo kasitomala saphunzirapo kanthu. Yesetsani kuti asapitirire zilembo pafupifupi 155, ndipo mfundo yaikulu ikhale m'chiganizo choyamba, poti pafoni malo amachepa kuposa pakompyuta. Samalani ndi kuikamo mitengo. Mtengo ukasintha inu osakonza, munthu amafika ndi mtengo wakale m'mutu n'kubwerera atakhumudwa.

Timitu ta m'kati

Munthu akadina n'kulowa, ayenera kuona nthawi yomweyo kuti wafika pamalo amene analonjezedwa. Imeneyi ndi ntchito ya mutu waukulu wooneka pamwamba pa nkhani, wolembedwa ndi `<h1>`. Unene chinthu chimodzimodzi ndi mutu wobisika uja, ngakhale mawu atasiyana pang'ono. Patsamba la mapampu ungakhale wakuti "Mapampu a sola a pamijigo ndi a m'dimba ku Zomba". Mutu waukulu umodzi patsamba ndi wokwanira.

Pansi pake pamabwera timitu ta `<h2>`, togawa nkhani m'zigawo. Timitu tabwino timachokera m'mafunso amene anthu amafunsa akaimba foni. Kampani yathu imamva mafunso omwewo tsiku ndi tsiku: pampu iti ingakwane pamjigo wozama chonchi, imatulutsa madzi ochuluka bwanji patsiku, kukachita mitambo imagwirabe ntchito, ikaonongeka amakonza ndani. Funso lililonse lisanduke kamutu, ndipo pansi pake payankhidwe mosabisa. Tsamba lotere limatha kuoneka ngakhale kwa munthu amene walemba funso lathunthu, ndipo anthu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga mokweza amadumpha kuchoka pa kamutu kena kupita pa kena mosavuta.

Cholakwika chofala n'choti wokonza webusaiti amangokulitsa zilembo n'kuzidetsa, osaika chizindikiro cha `<h2>`. M'maso zimaoneka ngati kamutu, koma m'makodi ndi mawu wamba. Ena amachita zosiyana ndi izi: amaika nambala ya foni kapena mawu akuti "Takulandirani" mu `<h1>` pongofuna kuti zioneke zazikulu.

Google ikasintha mutu wanu

Musadabwe mukapeza kuti mutu umene ukuoneka pamndandanda si umene munalemba. Mu Ogasiti 2021 Google inalengeza njira yatsopano yopangira mitu imeneyi, ndipo mwezi wotsatira inanena kuti imagwiritsa ntchito mutu wa mwini tsamba maulendo pafupifupi 87 pa 100 aliwonse. Imasintha makamaka pamene mutu ndi wautali kwambiri, wopanda tanthauzo, wofanana m'masamba ambiri, kapena wounjikidwa mawu obwerezabwereza. Kampani yathu ikalemba mutu wondandalika Zomba, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi pomwe ili ndi shopu imodzi, Google ingautaye n'kutenga mawu a mu `<h1>` kapena pena. Mawu ofotokozera ndiye amasinthidwa kawirikawiri kuposa mutu, chifukwa Google imakonda kutenga chiganizo cha m'tsambamo chimene chikuyankha zimene munthu walemba. N'chifukwa chake ndime yoyamba ya tsamba iyeneranso kunena ntchito ndi dera momveka.

Kudziwa ngati zathandiza

Yambani ndi kulemba pa Google mawu akuti `site:` motsatizana ndi adiresi ya webusaiti yanu, popanda mpata. Muona masamba anu amene Google ikuwadziwa ndi mitu yake. Ngati webusaitiyo inapangidwa ndi WordPress, mapulogalamu owonjezera monga Yoast SEO kapena Rank Math amapereka timabokosi tolembamo mutu ndi mawu ofotokozera popanda kukhudza makodi. Ngati makiyi ali ndi amene anakukonzerani, mulembereni mitu yonse papepala kuti aike monga mwalembera.

Kenako lembetsani webusaiti ku Google Search Console, yomwe ndi yaulere. Mukasintha tsamba, gwiritsani ntchito URL Inspection n'kudina Request Indexing kuti Google idzaliwerengenso. Kusinthaku kungatenge masiku angapo kapena milungu, choncho musamasinthe mutu tsiku ndi tsiku. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, tsegulani gawo la Performance muone manambala awiri: Impressions, kutanthauza maulendo amene tsamba laonekera pamndandanda, ndi Clicks, maulendo amene anthu adina.

Manambala awiriwa amaloza pomwe pali vuto. Ngati tsamba la mapampu silikuonekera n'komwe, ndiye kuti Google sinalilandire kapena mwagwiritsa ntchito mawu amene anthu salemba. Ngati likuonekera pamalo abwino koma odina ndi ochepa, mutu ndi mawu ofotokozera sizikukopa, ndipo muzilembenso. Ngati anthu akudina koma foni siikulira, vuto lili m'kati mwa tsamba: mwina likuchedwa kutseguka ndipo likudya bando yambiri, kapena nambala ya foni ili pobisika. Gawo lomweli limaonetsanso mawu enieni amene anthu analemba, ndipo mawu amenewo ndiwo oyenera kulowa m'mitu yanu.

Dziwaninso malire a ntchitoyi. Mabizinesi amene amaoneka pamapu pamwamba pa mndandanda amachokera ku Google Business Profile, ndipo kumeneko mtunda wa pakati pa wofufuza ndi bizinesi komanso kutchuka kwake zimawerengedwa. Mutu wabwino sungasunthe shopu ya ku Zomba kuti ikhale pafupi ndi munthu wa ku Karonga, ndiponso sungapulumutse tsamba lopanda nkhani. Koma ngati ntchito yanu ndi yeniyeni ndipo dera lanu n'lodziwika, sankhani lero tsamba la chinthu chimene chimakubweretserani ndalama zambiri, mulilembere mutu wonena ntchito ndi dera, kenako muchite chimodzimodzi ndi masamba otsalawo limodzi ndi limodzi.