Mankhwala a khansa ndi dzanzi la kumapazi

Mwana amene akulandira thandizo la khansa ya Burkitt, yomwe ndi yofala pakati pa ana kuno ku Malawi, nthawi zambiri amapatsidwa mankhwala otchedwa vinikirisitini. Chotupa chimaphwa ndithu, koma pakapita milungu ena mwa odwala amayamba kumva dzanzi kuzala ndi kumapazi, mwinanso kukoka phazi poyenda. Kodi mankhwala olimbana ndi chotupa cha kunsagwada amafikako bwanji kuphazi? Yankho lili mu timaulusi tosaoneka ndi maso timene tili m'kati mwa maselo a thupi lathu.

Timaulusiti tilipo ta mitundu itatu. Tonenepa kwambiri ndi mamaikulotubulo, timachubu ta mphako ta mananomita 25 m'mimba mwake. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka miliyoni. Towonda kwambiri ndi ta akitini, ta mananomita 7. Mtundu wachitatu ndi wa mananomita pafupifupi 10, ndipo umangotchedwa ulusi wapakatikati.

Vinikirisitini amagwira mtundu woyambawo. Maikulotubulo imamangidwa ndi tizidutswa ta puloteni yotchedwa tubulini, ndipo siikhala chikhalire: imatalika, kenako n'kugumuka kunsonga, n'kuyambanso kutalika. Selo ikafuna kugawikana pawiri, imakopera makolomozomu ake 46, omwe amasunga malangizo a chibadwa. Apo timachubuti timatambasuka kuchokera kumbali ziwiri za selo, tikutalika ndi kufupika mpaka titakola kolomozomu iliyonse, kenako timakokera theka uku, theka uko. Selo siilola kukokako kuyamba ngati patsala kolomozomu imodzi yosakoledwa bwino. Vinikirisitini, amene amachokera ku duwa la ku Madagascar lotchedwa Catharanthus roseus, amamatirira ku tubulini n'kulepheretsa timachubu kukula. Selo imaima pakati pa ntchito, ndipo nthawi zambiri imafera pomwepo. Maselo a khansa ya Burkitt amagawikana mofulumira kwambiri, choncho ambiri amapezeka ali pamsampha umenewu.

Pakilitakiselo, amene amagwiritsidwa ntchito pa khansa ya Kaposi ndi ya m'mawere, amachita zosiyana. Mu 1979 Susan Horwitz ndi anzake ku New York anaonetsa kuti mankhwalawa amaumitsa timachubu kuti tisagumukenso. Mathero ake ndi amodzimodzi, pakuti kachubu kosatha kufupika sikathandiza pogawa makolomozomu.

Tsono maselo a mitsempha ya uthenga sagawikana, koma amadalira timachubu tomweti pa ntchito ina. Selo imodzi yotere imatha kuyambira kumsana kukafika kuchala cha kuphazi, mtunda wa pafupifupi mita imodzi mwa munthu wamkulu. Mapuloteni ambiri amapangidwa kumutu kwa seloyo, kufupi ndi msana, ndiye ayenera kunyamulidwa mpaka kunsonga. Mamaikulotubulo ndiwo njanji yake. Puloteni yotchedwa kinesini imayenda pamwamba pake itasenza timatumba ta katundu, ikuponda mananomita 8 pa sitepe iliyonse. Werengani nokha: pa mita imodzi pamafunika masitepe 125 miliyoni, ulendo wa masiku angapo. Ina yotchedwa dainini imabwerera nazo zakutha. Mankhwala akasokoneza timachubu, nsonga yakutali kwambiri ndiyo imayamba kuperewedwa. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera. Ine ndimaona kuti wodwala ndi womudwazika ayenera kufotokozeredwa zimenezi poyambirira penipeni, chifukwa akanena msanga za dzanzi, kupunthwa kapena kudzimbidwa, dokotala amatha kuchepetsa mlingo mitsempha isanawonongeke kwambiri.

Mankhwalawa sagwira akitini. Ulusi umenewu umalukana pansi pa khungu la selo n'kuipatsa maonekedwe ake, ndipo ndiwo umakankha kutsogolo selo yoyera ya m'magazi ikamakwawira kumene kuli majeremusi. Pogawikana, akitini imabwera komaliza. Makolomozomu akapatukana, iyo pamodzi ndi mayosini, puloteni ya mtundu womwe umakoka minofu yathu, imapanga mkombero pakati pa selo n'kumathinitsa mpaka selo itaduka pawiri. Mkomberowu ukalephera, pamatsala selo imodzi yokhala ndi manyukiliyasi awiri.

Ulusi wapakatikati sunyamula katundu. Ntchito yake ndi kupirira kukokedwa. Kelatini ya m'khungu, m'tsitsi ndi m'zikhadabo ndi ya mtundu umenewu, ndipo imalumikiza selo ndi inzake kuti khungu lisang'ambike. Pali ana ena amene amabadwa ndi kelatini yolakwika m'maselo a pansi pa khungu. Maselowo amaphulika akangokhudzidwa mwamphamvu pang'ono, moti nsapato yothina kapena kuyenda kamtunda kotentha zimatulutsa matuza. M'mitsempha ya uthenga, ulusi wa mtunduwu ndiwo umanenepetsa chingwe cha selo, ndipo chingwe chonenepa chimapititsa uthenga mofulumira kuposa chowonda.