Kalata Yopita kwa Katswiri wa Matenda a Maganizo

Mayi wina wa zaka 38 anakhala miyezi isanu akupita ku chipatala cha boma la kwawo. Tulo sankapeza, chakudya sichinkamukoma, ndipo munda anausiya. Dokotala anapeza kuti akudwala matenda okhumudwa ndipo anampatsa fuluwokisetini, mamiligalamu 20 patsiku, kenaka 40. Patapita masabata asanu ndi atatu popanda kusintha, anamsinthira ku amitiripitilini, nakweza mlingo pang'onopang'ono kufika mamiligalamu 150. Masabata ena asanu ndi atatu anathanso, koma mayiyo anali chimodzimodzi.

Mankhwala a matendawa sagwira msanga. Amafuna masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi. Koma mitundu iwiri ikalephera, wodwala atamwa mlingo wokwanira kwa nthawi yokwanira, madokotala amati matendawo akanika mankhwala. Pamenepo dokotala amalembera kalata katswiri wa matenda a maganizo, monga a ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba.

M'kalatamo dokotala analemba dzina la mankhwala aliwonse, mlingo wake ndi masiku ake, kuti katswiri asabwereze zimene zalephera kale. Analembanso kuti mayiyo ankamwa tsiku lililonse, ndipo mchemwali wake anachitira umboni. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Amitiripitilini amaumitsa kukamwa ndi kuodzeretsa, kotero ena amaleka mwakachetechete. Wodwala akabisa zimenezi, katswiri amaganiza kuti mankhwala alephera, chonsecho sanamwedwe.

Kalatayo inafotokozanso zimene zingafanane ndi kukhumudwa kapena kukukulitsa. Magazi a mayiyo anali okwanira, kachilombo koyambitsa Edzi analibe, ndipo mowa kapena chamba sankagwiritsa ntchito. Dokotala anapempha kuti katswiri apime chithokomiro, chifukwa chikafooka munthu amalefuka.

Kenaka mchemwali uja anakumbuka kanthu. Zaka zitatu zapitazo mayiyo anakhala masabata awiri osagona koma osatopa, akulankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama za fodya. Dokotala anailemba nkhaniyi mosamala, pakuti ingasonyeze matenda ena, amene munthu amakhumudwa nthawi ina ndi kutakasuka mopitirira nthawi ina. Matenda amenewo amafuna mankhwala osiyana.

Pomaliza dokotala anafunsa mosapita m'mbali ngati mayiyo amaganiza zodzipha. Iye anavomera. Kufunsa kotere sikuika maganizowo mwa munthu. Dokotala analemba kuti katswiri amuone mwachangu, nauza abale kuti achotse m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi a makoswe, asunge okha mapiritsi, ndiponso asamsiye yekha.

Wolandira kalata yotere apite nayo pamodzi ndi buku la kuchipatala, mapaketi a mankhwala ndi mbale womdziwa bwino. Asaleke mankhwala mwadzidzidzi poyembekeza ulendo. Ngati maganizo odzipha akula, abale athamange naye ku chipatala tsiku lomwelo.