Kulawitsa Phunziro: Tizidutswa ta Kanema Toitanira Oonerera

Aliyense amene anaimapo pa msika wa Songani, pa mseu wochokera ku Zomba kubwera kuno ku Domasi, amadziwa mmene mayi wogulitsa chinanazi amachitira. Amadula kachidutswa, nakupatsani kuti mulawe, koma chinanazi chenichenicho chili m'dengu. Ndi mmenenso amachitira anthu amene ali ndi tchanelo pa YouTube: amadula kachidutswa ka kanema wawo wamtali, nakakaika pa TikTok, pa Facebook ndi pa WhatsApp, poyembekeza kuti wolawayo abwera kudengu. Kusiyana kwake nkwakuti wolawa wa pa msika amakhala ataima pafupi ndi dengulo, pamene wa pa TikTok ali kutali, ndipo eni ake malowo safuna kuti achoke.

Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndidayamba kujambula maphunziro pofuna kuthandiza ana a Folomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE. Tiyeni tsono titenge phunziro limodzi la mphindi 12, lonena za kupeza x m'masamu a mtundu uwu: x² − 5x + 6 = 0.

Funso loyamba ndi lakuti tidule pati. Poyamba ndinkadula masekondi 40 oyambirira, momwe muli moni, dzina langa ndi mutu wa phunziro. Kunali kulakwa kwakukulu, pakuti munthu amene chala chake chili kale pagalasi la foni sadikira moni; amangokankha nkupita kwina. Ena amalakwa mwa njira ina: amadula samu pakati, yankho lisanatuluke, nkunena kuti “zotsala mukazipeza ku YouTube.” Woonerera amamva ngati wanamizidwa, ndipo wonamizidwa sakutsatira. Chimene ndidaona kuti chimathandiza ndi kupatsa munthu chinthu chathunthu, koma chobala funso lina. M'masekondi 40 ndimamuonetsa kuti tikufuna manambala awiri amene tikawachulukitsa apereka 6, tikawaphatikiza apereka 5. Manambalawo ndi 2 ndi 3, choncho x ndi 2 kapena 3. Samu yatha, mwana wapindula. Pamenepo ndimalemba pansi pake x² − 5x + 3 = 0, nkumuuza kuti ayese njira yomweyo. Sizitheka, chifukwa palibe manambala athunthu otero. Tsopano ali ndi chifukwa chake chofunira phunziro lalitali lija, osati chifukwa chakuti ine ndapempha.

Pali kanthu kena kamene kamayenera kuganiziridwa kanema asanajambulidwe nkomwe. Kanema wa pa YouTube ndi wogona, wa muyeso wa 16:9, pamene tizidutswa ndi toimirira, ta 9:16. Mukadula wogona kuti aimirire, chimatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake. Mphunzitsi wozolowera kudzaza bolodi lonse, monga tidaphunzirira ku koleji, adzapeza kuti 6 uja wadulidwa. Nchifukwa chake masiku ano ndimalemba mizere iwiri ya choko pabolodi, ndipo samu yoti idzalowe m'kachidutswa ndimailemba pakati pa mizereyo, chakumwamba pang'ono, popeza kumunsi ndi kudzanja lamanja kwa chithunzi kumaphimbidwa ndi mawu ndi mabatani. Kachidutswako kasungeni m'foni kuchokera m'pulogalamu yodulira, monga CapCut, ndipo muzikatumiza kulikonse kuchokera pamenepo. Musakatenge pa TikTok katadindidwa kale chizindikiro chawo, pakuti a Instagram adanena poyera mu 2021 kuti makanema okhala ndi zizindikiro za anzawo sadzawaonetsa kwa anthu ambiri.

Tsopano tafika pamene pali vuto lenileni, ndiwo mlatho wowolokera. Ambiri amaganiza kuti akangoika linki, ntchito yatha. Komatu linki yolembedwa pansi pa kanema wa TikTok sitseguka munthu akaidina. Chimene mungachite ndi kulumikiza tchanelo chanu pa tsamba la dzina lanu, ndipo woonerera ayenera kupita kumeneko yekha. Ngakhale pa YouTube pomwe, kuyambira pa 31 Ogasiti 2023 malinki olembedwa pansi pa Shorts adasiya kutseguka. M'malo mwake mumasankha Related video mu YouTube Studio, ndipo dzina la kanema wamtali limaoneka pa kachidutswapo. Pa Facebook linki ya mu ndemanga imatseguka. Pa WhatsApp ine ndimaika kachidutswa pa Status, nkutsatiza Status ina ya mawu okhaokha yokhala ndi linki. Zonsezo zimafufutika pakatha maola 24.

Koma kwathu kuno pali chopinga china chimene alangizi a kunja sachitchula. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a WhatsApp kapena Facebook paokha, otsika mtengo, ndipo ambiri mwa ana athu ndi makolo awo amagula amenewo. Mwana wa ku Malosa aona kachidutswa, akondwa, adina linki, koma YouTube sitseguka chifukwa bandulo yake sifika kumeneko. Si kuti wakana. Alibe njira tsiku limenelo. Adzapeza intaneti Loweruka, mwina pa foni ya mkulu wake, Status ija itafufutika kalekale. Chotsala m'mutu mwake ndi dzina lokha. Choncho dzina la tchanelo likhale lalifupi, losavuta kulemba, ndipo litchulidwe pakamwa ndi kulembedwa pa kachidutswa penipenipo, pamodzi ndi mutu wa phunziro monga momwe udalembedwera pa YouTube. Ndi ulemunso kumuuza kuti phunzirolo ndi la mphindi 12, ndi kuti akhoza kusankha 360p kapena 240p kuti lisamudyere bandulo, malinga zolemba za pabolodi zili zazikulu.

Nanga tidziwa bwanji ngati abweradi? Kuchuluka kwa oonerera kachidutswa sikutiuza kanthu pa zimenezi. Tsegulani YouTube Studio pa kompyuta, sankhani kanema wamtaliyo, mulowe pa Analytics kenaka pa Reach. Pamenepo alemba kumene oonerera achokera. Amene adadina linki kuchokera kwina amaoneka pa External, pomwe mayina a WhatsApp ndi Facebook amatchulidwa. Amene adakumbukira dzina nkulilemba okha, monga mwana wa ku Malosa uja, amaoneka pa YouTube search, mwinanso patapita masiku angapo. Musafulumire tsono kunena kuti TikTok sidabweretse munthu chifukwa chakuti dzina lake silikuoneka. Njira yabwino ndi kutumiza kachidutswa malo amodzi sabata ino, malo ena sabata yamawa, nkuyerekeza.

Nambala ina yofunika kuiyang'ana ndi Average view duration. Tiyerekeze kuti anthu 20 abwera kuchokera pa WhatsApp, koma aonerera masekondi 30 okha mwa mphindi 12. Ndiye kuti mlatho uli bwino, chavuta ndi pofikira. Adabwera kudzafuna yankho la x² − 5x + 3 = 0, koma apeza aphunzitsi akupereka moni ndi kubwereza samu imene aiona kale. Mankhwala ake ndi kuwonjezera nthawi kumapeto kwa linki. Ngati samu yachiwiriyo ikuyamba pa mphindi 3 ndi masekondi 15, amenewo ndi masekondi 195, ndipo kumapeto kwa linki ya `youtu.be` mulemba chonchi:

```
?t=195
```

Ngati m'linkimo muli kale chizindikiro cha `?`, lembani `&t=195`. Wodinayo adzafikira pomwe choko chikuyamba kulemba samu imene idamuvuta, ndipo moni adzaumva tsiku lina.